Malamulo a alimi a mpunga omwe anasintha mitengo pa shopu yathu

Shopu yathu ili pa Kamuzu Road ku Salima. Ndinaitsegula ndi mlongo wanga tili ndi kompyuta imodzi, pirinta ndi makina a fotokope ogula kwa munthu. Poyamba ntchito inali yotayipa makalata ofunsira ntchito, mapologalamu a ukwati ndi a maliro, basi. Kenako anthu anayamba kubwera ndi mafayilo a PDF pafoni, onse ndi mawu amodzimodzi: "Mungosinthako pang'ono." Ife tinkalipiritsa ngati tikungopirinta, mpaka tsiku lomwe kunabwera atcheya a gulu lina la alimi a mpunga a ku Lifuwu.

Anabwera ndi malamulo a gulu lawo, masamba 26, olembedwa m'Chichewa zaka zapitazo ndi munthu amene anasamuka kalekale. Fayilo ya Word inapita naye, kunangotsala PDF. "Mayi, ndime zitatu zokha ndi zimene tasintha pamsonkhano. Ndikagule kaye zinthu pamsika, ndizipeza zatha," anatero. Ndinavomera, mtengo n'kutchula. Ntchitoyo inatidyera masiku awiri.

Kutsegula kokhako sikuvuta. Kuyambira Word 2013, mumangopita pa File, kenako Open, n'kusankha PDF ija. Word imachenjeza kuti zotulukazo mwina sizifanana ndendende ndi zoyambazo, koma tonse timadina OK osawerenga. Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo n'chakuti PDF siinapangidwe kuti munthu azilembamo. Imasunga malo a zilembo patsamba, kuti ichi chikhale apa, icho apo, ndipo nthawi zambiri sidziwa pamene ndime yayambira kapena pamene yathera. Pulogalamu yosinthayo imangoganizira, pena imalasa, pena imaphonya.

Pa malamulo aja inaphonya kwambiri. Nditalowetsa mawu atsopano m'ndime yoyamba, mzere unasefukira pansi, mawu awiri n'kukhala okha, mzere wotsatira osasuntha. Ndinadina Ctrl+Shift+8, yomwe imaonetsa zizindikiro zobisika, ndipo ndinapeza ¶ kumapeto kwa mizere yambiri. Kwa Word, mzere uliwonse unali ndime payokha.

Mlongo wanga ndi wopupuluma. "Achemwali, tasunthani," anatero, n'kutsegula Ctrl+H, kulemba `^p`, yomwe imaimira ¶ uja, pa Find what, kuika danga limodzi pa Replace with, n'kudina Replace All. Malamulo onse, mitu ndi manambala omwe, anasanduka ndime imodzi yaitali ngati msewu wa M5. Ctrl+Z ndi imene inatipulumutsa. Nzeru yake sinali yolakwika, koma anaiwala kuti pakati pa zizindikirozo pali zina zoyenera kukhalapo.

Njira yomwe timagwiritsa ntchito mpaka lero ndi yobisa kaye malekezero enieni a ndime. Timadutsa chikalata chonse kuonetsetsa kuti pamene ndime yatheradi, komanso pansi pa mutu uliwonse, pali mzere wopanda kanthu. Pomwe palibe timadina Enter. Gawo limeneli ndi lamanja, ndipo ndi lomwe limadya nthawi. Tikatha, timasintha katatu motsatana:

```
Find what: ^p^p    Replace with: ####
Find what: ^p      Replace with: (space)
Find what: ####    Replace with: ^p
```

Pachiwiripo musalembe mawu, mungodina batani lalitali la danga kamodzi. Kusintha koyamba kumasunga malekezero enieni mu `####`, kwachiwiri kumalumikiza mizere yoduka, kwachitatu kumabwezera ndime pamalo pake. Ngati kumapeto kwa mizere mukuona kamuvi kopindika m'malo mwa ¶, ndiye kuti mufufuze `^l`. Ine sindichita chikalata chonse nthawi imodzi. Ndimasankha chigawo chimodzi, ndipo Word ikafunsa ngati ipitirize kwina ndimadina No, chifukwa mndandanda wa mayina kapena tebulo zikalowa m'mpheromo zimaphwanyika. Pamatsalabe zinyenyeswa: mawu omwe anadulidwa kumapeto kwa mzere amatuluka ngati "mgwiri- zano". Amenewa ndimawasaka limodzi limodzi ndi Find Next.

Tsiku loyamba linathera pamenepo. Lachiwiri tinadabwa kuti masamba afika 31 pomwe tinangowonjezera ziganizo zochepa. Vuto linali fonti. Mukatsegula PDF mu Adobe Acrobat Reader n'kudina Ctrl+D, pa Fonts pamaoneka mayina a mafonti onse a m'chikalatacho. Pa yathu panalembedwa Embedded Subset, kutanthauza kuti fayiloyo inanyamula zilembo zokhazo zimene zinagwiritsidwa ntchito, zongokwanira kuonetsa ndi kupirinta. Pakompyuta yathu fontiyo panalibe, choncho Word inaika ina ya zilembo zonenepa, mizere n'kutalika, masamba n'kuchuluka. Sitinavutike kuisaka. Tinadina Ctrl+A n'kuika zonse mu Times New Roman 12. Dziwani kuti Ctrl+A safika m'timabokosi ta mawu, kapena pamwamba ndi pansi pa tsamba, kumeneko mumalowako panokha.

Zomwe zinandipweteka mutu ndi zilembo zosowa, chifukwa sizikuwa ngati mzere woduka. Wolemba uja ankalemba Malaŵi ndi msonkhano wa "loŵeruka" ndi ŵ, ndipo paliponse pamene panali chilembochi panatuluka kabokosi. Tinakopera kabokosiko n'kukaika pa Find what, ndipo ŵ woika pa Replace with tinamupanga polemba `0175` n'kudina Alt+X. Muzichita zimenezi pamalo opanda kanthu kenako n'kukopera, chifukwa mukalemba nambalayo mogundana ndi chilembo a, Word imatenga a uja ngati mbali ya nambala. China chinali fi. Mafonti ena amalumikiza f ndi i kukhala chilembo chimodzi, ndipo posintha chinatayika, moti "kufika" inasanduka "ku ka". Word singakuthandizeni apa, poti pafupifupi mawu onse a Chichewa imawalemba mzere wofiira kunsi, olondola ndi olakwika omwe. Mlongo wanga ankawerenga PDF mokweza, ine maso ali pasikirini, tsamba ndi tsamba.

Tebulo la zopereka za mamembala sitinalimbane nalo. Linatuluka lili timabokosi tobalalika, ukakoka kamodzi kena n'kuthawira tsamba lina. Tinalifufuta n'kujambula latsopano la mizere 12, mphindi makumi awiri zokha. Dzina la gulu ndi nambala ya tsamba, zomwe zinalowerera pakati pa ziganizo, tinazichotsa n'kuziika pa Header ndi Footer.

Atcheya atabwera tsiku lachitatu analipira ndalama ija tinagwirizana, n'kuwonjezera thumba laling'ono la mpunga atamva mmene zinayendera.

Masiku ano sinditchula mtengo ndisanatsegule fayilo, mwini wake ali chilili pomwepo. Choyamba ndimayesa kusankha mawu ndi mausi. Akakana, tsamba lonse n'kudetsedwa ngati chithunzi, ndiye kuti ndi pepala losikana, mulibe mawu oti n'kusintha. Pali mapulogalamu a OCR owerenga zithunzi zotere, koma pa Chichewa amene tinayesa amasokoneza l ndi 1, ng' n'kumutaya kachizindikiro kake, kotero ndimauza kasitomala kuti titayipa mwatsopano pa mtengo wotayipira. Mawu akasankhika, ndimatsegula mu Word, Ctrl+Shift+8, n'kuyang'ana masamba atatu, makamaka lomwe lili ndi tebulo. Ndimafunsanso ngati amene analemba chikalatacho akupezeka pafoni, poti kangapo konse fayilo ya Word yabwera pa WhatsApp kasitomala asanamalize n'komwe botolo la thobwa. Ndipo aliyense amene tamukonzera amachoka ndi mafayilo awiri pafulashi, ya PDF ndi ya Word. Alimi a ku Lifuwu aja anabweranso chaka chotsatira kudzasintha ndime ya chindapusa, ndipo atcheya sanafike n'kumsika komwe.