Lachinayi: zilembo ziwiri papepala la magazi

Lero kunatentha kuyambira m'mamawa, monga kumakhalira kuno ku Chikwawa mu Okutobala. Pofika 9 koloko malata a chipatala anali akuthetheka, amayi akupepeza ana ndi mabuku a kusikelo. Ntchito inayenda mwa masiku onse mpaka banja lija la cha ku Nchalo linafika: bambo wa kabaza, mkazi wake atabereka mwana wa miyezi 14, ndi amayi ake a bamboyo atanyamula jumbo ya matewera.

Mwanayu ndinayamba kumuona ali ndi miyezi 7, atatupa timanja ndi timapazi, akulira osatonthola ukangomugwira zala. Kenaka magazi anayamba kumuchepera. Anawatumiza ku Gulupu, ku Blantyre, ndipo lero abwera ndi mapepala atatu. La mwana lalembedwa SS. La mayi AS. La bambo AS. Tanthauzo lake ndi lakuti mwana ali ndi sikoselo, nthenda yobadwa nayo imene imapinda timaselo tofiira ta magazi, ndipo makolo onse awiri sakudwala koma aliyense ali ndi mbewu imodzi ya nthendayi.

Kuwerenga zilembozo sikuvuta. Chondisowetsa mtendere chinali Chichewa choti ndinenere.

Chaka chatha ndinalakwitsa pa nkhani ngati yomweyi. Ndinauza mayi wina, ali yekha, kuti “mwanyamula matenda m'magazi.” Kwa ine ndimanena za mbewu ija, koma kuno munthu akamva za matenda a m'magazi maganizo amathamangira ku kachilombo. Anakafotokoza kunyumba momwe anamvera, ndipo panatenga masabata kuti banjalo likhalenso pansi. Kuchokera pamenepo mawu oti kunyamula, magazi oipa, kapena pozitivu sindiwatchula pa nkhani imeneyi. Ngakhale mawu a kusukulu oti jini ndimawasiya pakhomo, chifukwa ukanena kuti mwana watengera majini kwa makolo, agogo amva za mizimu yoipa ndipo mawa lake mwana ali kwa sing'anga. Mawu oti matenda akumtundu nawonso ali ndi msampha wake: funso lotsatira limakhala lakuti mtundu wa ndani.

Ndinayamba ndapempha agogo kuti adikire pabenchi. Zotsatirazi ndi za anthu awiriwa, ndipo ndi iwo oyenera kusankha woti amve nawo. Titatseka chitseko, chiganizo changa choyamba chinali chakuti, “Nthenda ya mwanayu imabwera pokhapokha mbewu ziwiri zofanana zikakumana, ina yochokera kwa bambo, ina kwa mayi. Mbali imodzi payokha singaibweretse.” Ndimayamba ndi chimenechi nthawi zonse, ndisanatchule pepala la munthu aliyense, chifukwa amene watchulidwa koyamba ndi amene amasenza mlandu. Mapepala awo ndinawaika limodzi patebulo, mbali ndi mbali, kuti aone okha kuti zilembo ndi zimodzimodzi.

Bambo anafunsa mwachindunji: “Asisitala, ndiye kuti ineyo ndikudwala? Ine ndimapalasa njinga tsiku lonse.” Ndinawayankha kuti ayi, sakudwala, sakufunika mankhwala, ndipo AS sidzasanduka SS pa moyo wawo wonse. Sanaitenge kwa mkazi wawo, ndipo mkaziyo sanaitenge kwa iwo. Aliyense anabadwa nayo. Siyenda pa mphasa, pa mbale kapena pa mkaka wa m'mawere. Pa mawu a mkakawo mayi anapumira m'mwamba. Kunyumba anali atauzidwa kale kuti mwina bere lake ndi limene likuwononga mwana.

Onse awiri anavomera kuti agogo alowe. Sanakhale pansi n'komwe asanayambe: “Kwathu kulibe zimenezi. Ine ndabereka ana 6, onse amoyo.” Sananame. Mbewuyi imatha kuyenda mibadwo ingapo mwakachetechete, osadwalitsa aliyense, mpaka itakumana ndi inzake. Sindinawauze kuti mwana wawo anaitenga kwa iwo kapena kwa malemu amuna awo, ngakhale ndi momwe zilili; ndikanangosamutsa chala kuchoka pa munthu wina kupita pa wina. Ndinawauza chifukwa chake mbewuyi ilipo pakati pathu: mwana wokhala ndi mbewu imodzi amatetezekako ku malungo aakulu aja opha. M'madera a udzudzu ngati chigwa chathu chino, ana otere ankapulumuka ena akumwalira, n'kukula, n'kubereka. Agogo anakhala pansi.

Kenaka ndinatulutsa makapu anga awiri amene ndimasunga m'dirowa. M'kapu iliyonse muli nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira. Kapu ina ndi bambo, ina ndi mayi. Ndinapempha agogo kuti atsinzine, atole nyemba imodzi uku, imodzi uku. Zoyera ziwiri ndi mwana wa AA, wopanda mbewuyi. Yoyera ndi yofiira ndi AS, wathanzi ngati makolo akewa. Zofiira ziwiri ndi SS. Njira zokumanira nyembazi zilipo zinayi: imodzi ya AA, ziwiri za AS, imodzi ya SS.

Apa ndi pamene chisokonezo chachiwiri chimabisala. Ukanena kuti “mwana mmodzi mwa anayi,” anthu amawerengera kuti poti wodwala wabadwa kale, atatu otsatira adzakhala bwino. Si choncho. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti nyemba zibwezeredwe m'kapu tisanatolenso, pakuti mimba iliyonse imayambira pachiyambi. Agogo anatola kasanu ndi katatu. Kachitatu ndi kachinayi motsatizana zinatuluka zofiira zokhazokha. Anayang'ana nyembazo m'manja mwawo nthawi yaitali, kenaka anati, “Ndiye dzanja silisankha.”

Mayi anafunsa ndi mawu otsika za mwana wawo wachiwiri, amene anamwalira ali ndi zaka ziwiri atatentha thupi ndi kuchepa magazi. Ndinawauza zoona: mwanayo sanayezedwe, ndiye palibe amene anganene motsimikiza, chifukwa malungo okha amathanso kutero. Koma ngakhale ikanakhala sikoselo, panalibe chimene iwo anachita kapena kudya ali oyembekezera chimene chinaibweretsa. Anafunsanso chifukwa chake uyu anabadwa wonenepa bwino n'kudzayamba kudwala pambuyo. Khanda limabadwa ndi magazi a mtundu wa m'mimba, amene sakhota. Akamachepa, cha pa miyezi 6, m'pamene timaselo tofiira timayamba kupindika ngati mwezi wongooneka kumene, n'kumatsekereza timitsempha ting'onoting'ono. Kutupa kwa zala kuja kunachokera pamenepo, osati kwa munthu.

Zotsala tinakambirana mwachangu chifukwa mzere panja unali utatalika. Penisilini tsiku lililonse mpaka zaka 5, foliki asidi, katemera yense, neti usiku uliwonse, ndi madzi akumwa pafupipafupi, makamaka ndi dzuwa lathuli, poti thupi likauma ululu umayamba. Thupi likangotentha, kapena zikhatho zikayera, kapena mimba ikatupa kumanzere, asadikire kuti kuche. Bambo analemba zimenezi kuseri kwa buku la kusikelo.

Mwana woyamba, wa zaka 7, sanadwalepo modetsa nkhawa, koma tagwirizana kuti nayenso ayezedwe kuti adzadziwe zilembo zake akadzakula. Funso loti aberekenso kapena ayi bambo analiyamba, n'kulisiyira panjira atayang'ana amayi awo. Ndawauza kuti abwere awiriwiri Lachinayi likudzali.

Potuluka agogo anabwerera pakhomo n'kupempha nyemba zinayi zija. Akuti kumudzi kuli amalume ake a mwana ndi ankhoswe amene akudikira kumva, ndipo iwo sangathe kubwereza mawu anga onse. Ndinawakulungira m'kapepala, ndipo anazimanga pa mfundo ya chitenje. Mawa ndiyenera kukumbukira kubweretsa zina kuchokera kunyumba.