Lamulo lomwe likusokoneza anthu mugemu yanga yamakhadi

Lero ndakhala pansi kuwerenga manotsi onse amagulu 4 omwe ayesa gemu yamakhadi yamsika yomwe ndikupanga, ndipo sindikuwerenga madandaulo ayi, ndikuyang'ana pomwe gemu inaima, wina nkutenganso pepala lamalamulo kapena anthu kuyamba kukangana, pamenepo ndikuika kachizindikiro pambali pa lamulolo.

Anthu akudandaula zoti mapointi ngovuta kuwerenga koma zizindikiro zaunjikana palamulo losinthana katundu. Ndinalemba kuti "ungasinthe khadi limodzi pamwayi wako" ndiye gulu lina limasinthana ndi mnzawo, lina ndi makhadi apatebulo, gulu lachitatu silinasintheko ngakhale kamodzi gemu yonse poopa kulakwitsa. Amenewa ndi omwe andidandaulitsa kwambiri chifukwa sanafunse chilichonse, manotsi awo akuoneka ngati zonse zinali bhobho, ndangozindikira nditaona kuti gemu yawo inatha mphindi 50 pomwe ena 30.

Ndinaganiza zowonjezera chitsanzo mukabuku, koma kabukuko amawerenga ndi munthu mmodzi yekha enawo amangomvera. Ndiye ndasankha kudula lamulolo, kusinthana kukhala ndi makhadi apatebulo basi, mawu akhala "ika khadi limodzi patebulo, tenga limodzi" ndipo ndiwalemba pakakhadi kokumbutsa kamene aliyense azikhala nako patsogolo pake.

Zamapointi sindizikhudza kaye, ndikasintha ziwiri nthawi imodzi sindidziwa chomwe chathandiza. Loweruka ndipereka kwa gulu lomwe silinaseweleko, ine ndingokhala pambali osayankha funso lililonse.