Kupatsa dzina maselo a ngongole mu Excel

Ndine mlembi wa banki mkhonde, ndipo kaundula wathu ndimamusunga mu Excel. Fayiloyo ili ndi mapepala angapo: la masheya, la ngongole ndi la zilango za ochedwa. Pamsonkhano wina akafunsa kuti "a mlembi, ngongole zafika pati?", sindifuna kuti anthu azindidikira ndikusakasaka. N'chifukwa chake maselo amene ndimawafuna kawirikawiri ndimawapatsa dzina.

Ndimatsegula pepala la ngongole n'kusankha maselo a ndalama, kuyambira D5 mpaka D34, mzere umodzi membala mmodzi. Kumtunda chakumanzere, pamwamba pa chilembo A, pali kabokosi kotchedwa Name Box, kamene nthawi imeneyi kamakhala kakuonetsa D5. Ndimadina m'kabokosimo, n'kulemba Ngongole_Jan, kenako n'kudina Enter. Enter ameneyu musamuiwale. Mukangolemba dzina n'kudina pena ndi mausi, dzinalo silisungika, ndipo Excel sakuchenjezani.

Ndikatero ndamaliza. Ngakhale ndikhale pa pepala la masheya, ndimadina kamuvi ka m'mbali mwa kabokosiko, mayina onse amatsika, ndipo ndikasankha Ngongole_Jan ndimangopezeka pa D5:D34, maselo onse atasankhidwa kale. Dzina lomwelo limagwiranso ntchito powonkhetsa:

```
=SUM(Ngongole_Jan)
```

Posankha dzina m'pamene pamafunika kusamala. Mpata pakati pa mawu saloledwa, n'chifukwa chake ndimaika kamzere ka pansi, ndipo dzina siliyamba ndi nambala. Izi Excel amakana poyera. Chimene chimasokoneza ndi dzina ngati JAN2025. Likuoneka labwinobwino, koma zilembo za pamwamba zija zimapitirira Z mpaka XFD, choncho JAN2025 ndi selo yeniyeni. Mukalilemba n'kudina Enter, Excel sasunga dzina ayi, amakuponyani kutali pa selo yopanda kanthu, pa mzere wa 2025. Musachite mantha kuti kaundula wafufutika. Dinani Ctrl+Home mubwerere, musankhenso maselo aja, mulembe Jan_2025.

Membala watsopano akalowa, ndimamutsegulira mzere pakati pa mndandanda, chifukwa ndikatero dzina limatambasuka lokha kufika D35. Kumulemba pansi pa mzere womaliza kungamusiye kunja kwa dzinalo, ndipo ngongole yake singawerengedwe. Pa ndalama za anthu zimenezi zimadanitsa. Njira yodziwira ndi yapafupi: sankhani dzinalo m'kabokosi, muone ngati membala womaliza ali m'kati mwa maselo osankhidwa.

Ngati watsala kunja, kusankha maselo onse n'kulembanso dzina lomwelo m'kabokosi sikuthandiza, chifukwa Excel amangokubwezerani ku maselo akale. Ine ndimadina Ctrl+F3 kuti Name Manager atseguke, ndimasankha Ngongole_Jan, ndipo pa Refers to ndimasintha $D$34 kukhala $D$35. Ndimadina kachizindikiro kochongera kuti zisungike, kenako Close. Kufufuta dzina kapena kulisintha kumachitikiranso komweko, chifukwa m'kabokosi kaja simungatero.