Funso la mayi wa tomato

Lachitatu usiku. Ndazimitsa tochi kawiri, kawiri konse ndayatsanso. Mwana wagona kalekale, chisanu cha Julaye chikulowa ndi pansi pa chitseko, koma mutu wanga udakali m'kalasi muja, pamene mayi aja anakweza dzanja. Bola ndilembe, mwina tulo tibwera.

Lero gulu lathu limafotokoza polojekiti ya zaulimi pamaso pa anthu. Tilipo asanu, tonse a Fomu 3 yolowa masana, ndipo wamkulu pa onse ndine, amene ndinabwerera kusukulu nditabereka. Mutu wathu unali wa tomato amene amawonongeka asanagulidwe pa msika wa Lizulu. Aliyense wodutsa pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amaiona milu ija ya tomato, kabichi ndi kachewere m'mbali mwa msewu, uku kuli Malawi, tsidya linalo Mozambique. Ife timafuna kudziwa kuti pa tomato yense uja, wothera kudzala ndi wochuluka bwanji.

Aphunzitsi anatipatsa mphindi 15 zoyankhula ndi mphindi 5 za mafunso. Tinagawana motere: ine kutsegula, mphindi 2, Tadala kufotokoza momwe tinafufuzira, mphindi 3, Limbani zimene tinapeza, mphindi 5, chifukwa ndiye ali ndi mawu omveka mpaka kumbuyo, Mphatso zoyenera kuchita, mphindi 3, Yamikani kutseka, mphindi 2. Tinayeserera katatu kuseri kwa kalasi, foni ili pamwala kuwerenga nthawi. Ulendo woyamba tinatha mphindi 22. Tinadula malonje, chifukwa aliyense amayamba ndi kupereka ulemu kwa a hedi, aphunzitsi, a komiti ndi ophunzira anzathu, ndipo ulemu wa anthu asanu umadya pafupifupi mphindi 3. Tinagwirizana kuti ulemu ndipereka ine ndekha m'malo mwa gulu. Tinakonzanso mawu opatsirana, kuti womaliza asamangoti "ndathera pomwepa", koma anene chimene chikubwera: "Mwamva amene tinawafunsa, tsopano Limbani akuuzeni zimene anatiyankha." Ulendo wachitatu tinakwana mphindi 14.

Za mafunso tinakonzanso, ndipo ndi pamene mtima ukundiwawira. Tinati funso lililonse lizifikira kwa ine. Ine ndilibwereze mokweza, kuti akumbuyo alimve komanso woyankha apeze mpata woganiza, kenako nditchule dzina la mwini gawolo. Woyankha akhale mmodzi, wina awonjezere pokhapokha ndikamupempha. Ngati sitikudziwa, tinene kuti sitinafufuze zimenezo.

Kuyankhula kwenikweniko kunayenda. Tadala anawerenga kwambiri papepala, Mphatso anaima kutsogolo kwa tchati mpaka ndinamukodola kuti asunthe, basi.

Mafunso awiri oyamba anali a anzathu, osavuta. Kenako dzanja linakwera pa benchi ya alendo. Anali mayi a m'komiti ya sukulu, achikulire ndithu, atafunda chitenje chachiwiri m'mapewa. Sindinkadziwa kuti iwowo amagulitsa tomato pa Lizulu pomwepo. Anaimirira bwinobwino nati:

"Ana anga, mwayankhula bwino. Koma mnyamatayu wati dengu limodzi pa madengu 5 aliwonse limawonongeka. Dengu lake liti, laling'ono kapena lija timanyamulira pa ngolo? Ndipo munabwera mwezi wanji?"

Ndinalibwereza funsolo monga tinapanganira. Nditafika potchula dzina, lilime linauma. Nambala ya madengu inali ya Limbani. Koma dengu lake ndi mwezi wake ndi nkhani ya kafufuzidwe, gawo la Tadala. Funso linagwera pakati pa anthu awiri, ndipo poyeserera paja palibe anaganizapo kuti funso lingatero. Ndinayang'ana Limbani, ndinayang'ana Tadala. Sindikhulupirira kuti panadutsa masekondi oposa atatu. Limbani anapita kutsogolo nati, "Mayi, tinafunsa anthu ambiri, masiku osiyanasiyana, ndipo madengu ake ndi onse."

Si zoona. Tinapita tsiku limodzi lokha, tsiku la msika, mu Juni, m'mawa. Tinafunsa anthu 20. Mwa iwo 13 anati tomato amawawonongekera, ndipo ndi pamene panachokera 65 peresenti imene Limbani analemba pa tchati ndi zilembo zikuluzikulu, osalembapo kuti anthu ake ndi 20. Za dengu sitinafunse n'komwe. Wina amanena dengu, wina beseni, wina chidebe, ife n'kumangolemba "dengu". Zonsezi zili m'kope la Tadala, ndipo kopelo linali m'manja mwake pomwepo. Ndinamuona akulitsegula, kenako akulitseka.

Mayi aja anangoti "Chabwino, zikomo," nakhala pansi. Ndinayang'ana nkhope yawo, ndinaona kuti sanakhulupirire. Anthu anaomba m'manja, gulu lina linalowa.

Chimene chikundikwiyitsa sindikuchimvetsa bwino. Mwina ndi Limbani, mwina ndi masekondi atatu aja. Ndinali ndi mawu oti ndinene, ndipo tsopano ndikuwaona bwinobwino: "Funsoli lili pawiri. Za mwezi ndi dengu ayankha Tadala, kenako Limbani anene ngati nambala yake ikuimabe." Kuligawa basi, n'kupatsa aliyense chake. Munthu wolandira mafunso ntchito yake ndi imeneyo, si kubwereza kokha ayi. Ndipo Limbani atayankha kale, mpata unalipobe. Ndikanatha kunena mwaulemu kuti, "Ndiwonjezereko pang'ono, Tadala ali ndi kope lomwe tinalembamo," osamuchititsa manyazi mnzathu. Ndinaopa kuti tioneka ngati gulu losagwirizana, ndipo aphunzitsi anali atanena kuti kugwirizana kwa gulu kuli ndi malikisi ake.

Titaweruka ndinamupeza Limbani pa njira yotsikira kumsewu, akukankha njinga.

"Iwe Limbani, bwanji unawanamiza mayi aja?"

"Asisi, simunaone mmene munakhalira chete? Anthu onse maso pa ife. Wina amayenera kuyankhula."

"Kuyankhula inde, koma masiku osiyanasiyana ake ati? Tinapita kangati?"

"Ndiye mumafuna ndinene kuti tinapita kamodzi? Pamaso pa a hedi? Akanati polojekiti yonse ndi yabodza."

Ndinamuuza kuti kupita kamodzi si bodza, ndi malire a ntchito yathu, ndipo wofufuza aliyense amakhala nawo malire. Bodza ndi kunena kuti tinapita kambiri. Yankho loona linali lalifupi: tinabwera tsiku limodzi mu Juni, tinafunsa anthu 20, kukula kwa dengu sitinakusiyanitse, choncho nambalayi ikungosonyeza zimene anthu 20 aja anatiuza tsiku limenelo. Akanathanso kuwabwezera funso mayiwo, kuti inu amene mumagulitsa mumaona bwanji. Wofunsa wotere amakhala kuti akudziwa kale kanthu, ndipo akufuna aone ngati mumulola akuthandizeni.

Limbani anaima, nagoneka njinga pa ntchafu. Anati, "Asisi, ine gawo la Tadala sindinalimvepo bwino. Poyeserera paja, iye akamayankhula ine ndimaloweza zanga chamumtima. Tsiku lopita ku Lizulu ndinafika mochedwa, mukukumbuka. Ine ndinalandira manambala okha, ndiye ndinkaganiza kuti mwina inu munapitakonso tsiku lina."

Apa mkwiyo unatsika pang'ono, m'malo mwake munalowa china cholemera. Amanena zoona. Tinagawana magawo ngati nyama ya pa chikwati, aliyense n'kunyamula yake kupita nayo kwawo. Katatu konse tinayeserera kuyankhula ndi kusunga nthawi, koma sitinakhalepo pansi n'kufunsana mafunso ovuta ngati alendo. Chikhala kuti tinasinthana magawo kamodzi kokha, Limbani n'kufotokoza za Tadala, akanadziwa kuti tsiku linali limodzi. Kapena aliyense akanalemba mafunso awiri amene akuwaopa kwambiri pa gawo la mnzake. Ndikukhulupirira funso la dengu likanatuluka, chifukwa Mphatso kwawo amalima tomato kudimba. Nayenso Tadala, m'mphindi zake zitatu, anatchula anthu 20 koma mwezi sanautchule, ndipo palibe mwa ife anazindikira.

Ndisanafike kunyumba ndinakumana ndi mayi aja pa chigayo, akudikira mdzukulu wawo. Ndinafuna kulambalala, miyendo inakana. Ndinawapatsa moni, ndinawauza chilungamo chake.

Anaseka pang'ono, osati monyoza. "Ndinadziwa, mwana wanga. Ndinakuonani tsiku lija, munali anayi, wina anabwera mochedwa. Mu Juni kukuzizira, tomato amapirira masiku. Bwerani mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ikugwa, tomato wothyola ali wonyowa, muone. Ndiponso munabwera m'mawa. M'mawa munthu sadziwa chimene chitsale. Muzibwera dzuwa likupendeka, tikusankha wophwanyika pansi pa dengu."

Anandifotokozera kuti m'dengu lalikulu wapansi amaphwanyika ndi kulemera kwa wapamwamba, makamaka likagwedezeka pa ngolo kapena pa njinga, pomwe m'beseni losaya sizitero kwenikweni. Ndiye kufunsa "dengu liti" sikunali kutikola ayi. Yankho la polojekiti yathu linali m'funso lawolo. Mphatso analangiza za mthunzi ndi kusankha tomato asanapite kumsika, koma za kuya kwa chonyamulira sitinazitchule. Anatinso wofewa sataya yense, ena amamugulitsa motchipa kwa ophika, ndiye mawu oti "kuwonongeka" tikanayamba tagwirizana tanthauzo lake tisanafunse munthu.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanatitsutse pomwepo. Anati, "Mwana wa mnzako sumuvula pagulu." Kenako anawonjezera kuti mtsikana wa kope uja amafuna kuyankhula, bwanji sitinamupatse mpata.

Tadala. Ndi amene sindinayankhule naye mpaka pano. Anatuluka msanga, kope lili m'chikwama, osatsanzika. Mtsikanayu ndi amene anayenda mulu ndi mulu tsiku lija, kupirira ena akumukalipira kuti akuwatchingira makasitomala. Funso lokhalo limene akanaonetsera ntchito yake linamudutsa pamaso, ndipo amene amayenera kutchula dzina lake ndinali ine. Ndalemba uthenga pa foni, ndafufuta. Ndalembanso, sindinatumize, mayunitsi alipo koma mawu ake sakukwana.

Lipoti lolemba tikapereka Lachisanu. Ndikufuna tikonze tchati, pansi pa 65 peresenti tilembe kuti ndi anthu 13 mwa 20, tsiku limodzi, mu Juni, m'mawa, ndipo tiwonjezere ndime ya zimene mayi aja anena. Limbani akuti tikatero aphunzitsi aona kuti zimene ananena pagulu zikusiyana ndi zolembedwa, ndipo malikisi a mafunso atsika kwa tonse asanu. Yamikani ali mbali yake. Mphatso sanayankhe. Ine ndikuganiza zopita kwa aphunzitsi mawa tisanalowe m'kalasi, koma kupita ndekha kuli ngati kukamunenera mwana wa eni, ndipo kupita tonse ndiye kuti ndiyambe ndamugonjetsa Limbani, amene mawa m'mawa ali ku dimba la bambo ake.

Tambala woyamba walira kwa aneba. Mwina ndiyambe ndadzera kwa Tadala, kwawo si kutali ndi mjigo.