Ine ndapeza 645, buku likuti 632.8

Lipoti la giretingi, kagalasi ka mizere yopyapyala komwe kamagawa kuwala kwa leza kukhala timadontho, landibwerera dzulo, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowereni mu labu ya fizikisi, pa mawu omaliza palibe cholembera chofiira chomwe chadutsapo. Mtima wanga wakhala pansi. Malipoti atatu am'mbuyomu ndinkamaliza ndi nyimbo imodzimodzi: "zotsatira zasiyana pang'ono ndi za m'buku chifukwa cha kulakwitsa kwa munthu." Alekichala ankangolemba pambali kuti "Munthu uti? Walakwitsa chiyani?" basi, n'kuchotsa malikisi.

Ntchito inali yoyeza utali wa funde la kuwala, ndipo zida zinali izi: leza yofiira ya hiliyamu ndi niyoni, yomwe utali wa funde lake m'buku ndi mananomita 632.8, mwachidule 632.8 nm, giretingi yolembedwa kuti ili ndi mizere 600 pa milimita, ndi sikirini. Mtunda wochoka pa giretingi kufika pa sikirini tinauyeza masentimita 100.0. Kadontho koyamba kumanzere kanali pa 41.6, kumanja pa 42.4, pakatikati pake 42.0. Ndiye tan θ = 0.420, ngodya n'kukhala madigiri 22.8, ndipo d sin θ = nλ, pomwe d ndi mpata wa pakati pa mizere, n ndi 1 pa kadontho koyamba, λ ndi utali wa funde, inandipatsa 645 nm. Kusiyana kwa pafupifupi 13 nm, kapena 2 peresenti.

Ndinasangalala ndi 2 peresentiyo. Mnzanga wa pa benchi ina anapeza 700 chifukwa anatenga tan θ n'kuiika pamalo pa sin θ, ngati kuti madigiri 23 ndi kangodya kakang'ono. Pomuyerekeza iyeyo ndinkadziona ngati katswiri, ndipo ndinali nditalemba kale kuti "zotsatira zagwirizana bwino ndi za m'buku."

Chomwe chinanditsegula maso ndi funso la mtsikana wina wa chaka chachitatu amene timakhala naye hositelo imodzi. Anawerenga chiganizocho n'kundifunsa kuti, "Zagwirizana poyerekeza ndi chiyani? Iweyo unayeza molondola bwanji?" Ndinati kakasi. Nthawi yonseyi ndinkayesa kuti peresenti yaing'ono ndiye kuti zayenda, yaikulu ndiye kuti zavuta. Koma peresentiyo payokha ilibe mawu. Imayamba kuyankhula mukaiika pambali pa malire a kukayika kwa miyeso yanu.

Ndinakhala pansi n'kuwerengera. Kadontho ka leza si kansonga ka singano, kali ndi mulifupi, kotero pakati pake ndikhoza kuphonya ndi masentimita 0.2. Pa 42.0, imeneyo ndi pafupifupi 0.5 peresenti. Mtunda wa sikirini nawonso 0.2 pa 100, ndiye 0.2 peresenti. Kuziphatikiza, n'kuzidutsitsa mu fomula, zimabwera pafupifupi 3 nm. Choncho chomwe ndinapeza si 645 chabe, koma 645 ± 3 nm, kutanthauza kuti kuyambira 642 mpaka 648. Nambala ya 632.8 ili kunja, ndipo ili kutali: kusiyana kwa 13 kukuposa malire anga kanayi. Kunjenjemera kwa dzanja kapena kuona molakwika pa lula sikungafike pamenepo. Pali china chake chomwe chinakankhira miyeso yonse mbali imodzi.

Taganizani, munthu wina akanayeza mwachisawawa n'kupeza 645 ± 15, iyeyo akanalemba moona kuti zagwirizana. Nambala yomweyo, mawu omaliza osiyana. Izi zinandizunguza mutu usiku wonse, koma ndi pomwe pagona nkhani.

Tsopano njira yomwe ndayamba kuikonda, mwina mopitirira muyeso, ndi yoyenda chobwerera m'mbuyo. Chilichonse chomwe ndikuchiganizira ndimachifunsa mafunso awiri: kodi chikukankhira nambala m'mwamba kapena pansi, nanga chikuyenera kukula bwanji kuti chibereke 13 nm? Chikalephera funso limodzi, ndimachitaya.

Kuwala kwa pawindo, komwe aliyense amakonda kukuimba mlandu, kunagwa pa funso loyamba. Kumachititsa kadontho kuoneka mozilala, koma sikukasuntha kupita kunja mbali zonse ziwiri. Kupendekeka kwa giretingi kapena sikirini kulipo ndithu, umboni wake ndi 41.6 ndi 42.4 zija, koma mbali imodzi ikawonjezera inayo imachepa, ndiye potenga pakatikati zambiri zimafafanizika. Kunagwa pa funso lachiwiri.

Zinatsala ziwiri. Choyamba ndi mtunda wa sikirini. Kuti 42.0 ibereke 632.8 nm, mtundawo ukuyenera kukhala masentimita 102.3, osati 100.0. Nditaona nambala imeneyi ndinakumbuka kuti lula tinaiyambira kutsogolo kwa phazi la chogwirira, pomwe kagalasi ka giretingi kamakhala cham'kati, mwina masentimita 2 kumbuyo. Mukaika 102.0 mu fomula mumapeza 635 nm, ndipo ndi malire a 3 aja, 632.8 yalowa m'nyumba. Mbali ikugwirizana, kukula kukugwirizananso. Chachiwiri ndi giretingi yeniyeniyo: ikanakhala ndi mizere 612 pa milimita m'malo mwa 600, nayonso ikanabereka kusiyana komweku. Ife 600 ija tinangoikhulupirira chifukwa yalembedwa pa felemu.

Panali chachitatu chomwe ndinachitseka msanga. Tileza tating'ono ta m'thumba tija, tofiira, tambiri timawala cha m'ma 650 nm. Munthu akagwiritsa ntchito kotero n'kuyerekeza ndi 632.8, wolakwa si muyeso, ndi nambala yomwe akuyerekeza nayo. Yathu inali chubu chachitali cholembedwa He-Ne, ndiye nkhaniyo inathera pomwepo.

Mawu omaliza omwe ndinapereka anali aafupi kuposa onse am'mbuyomu. Ndinalemba kuti tapeza 645 ± 3 nm. Kuti izi zikuposa 632.8 nm ndi 13 nm, kanayi kuposa malire athu, kotero sizikugwirizana. Kuti choyambitsa chomwe chikuoneka chachikulu ndi kuyeza mtunda mopereweza ndi masentimita pafupifupi 2, zomwe zikanatsitsa yankho kufika pa 635. Ndipo kuti nambala ya mizere sitinaitsimikize. Yankho la 645 ndinalisiya momwemo. Dzanja linkayabwa kuti ndingosintha 100.0 ikhale 102.0 mu tebulo, koma 102.0 sindinaiyeze, ndinangoiganizira.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti zonsezi palibe anatiuzapo. Buku la labu lili ndi masamba awiri a kalumikizidwe ka zida, koma pa mawu omaliza langoti tikambirane zotsatira zathu. Nthawinso ndi yochepa: maola awiri, leza imodzi magulu atatu, ndipo kuwerengera timakachitira ku hositelo zida zitatsekeredwa kale mu kabati. Ndikanawerengera pa benchi pomwepo, mphindi imodzi ndi lula ikanathetsa mkangano wonsewu.

Chinanso ndachizindikira mochedwa. Kadontho kachiwiri kamagwa cha pa madigiri 49, kupitirira mita imodzi kuchoka pakati, kunja kwa sikirini yathu, ndiye tinangokasiya. Komatu ndi komwe kakanaweruza mlanduwu. Vuto likanakhala mizere ya giretingi, kadontho koyamba ndi kachiwiri tonse tikanakwera ndi 2 peresenti yofanana. Likanakhala mtunda, kachiwiri kakanakwera ndi pafupifupi theka lake, chifukwa ngodya ikamakula sin θ sasinthanso kwambiri mtunda ukasintha. Tikanangokokera sikirini pafupi.

Ndiye mpaka pano masentimita 2 aja ndi nkhani yokumbukira chabe, ndipo ndikudziwa kuti ndinayamba kuwakumbukira bwino nditaona kale kuti 102.3 ndi yomwe ikufunika. Pamenepa sindikudzikhulupirira kwenikweni. Lachinayi ndikapempha a tekinishani kuti anditulutsire chogwirira chija ndichiyeze, ngati angalole, komanso ngati ndingachizindikire pakati pa zinzake zisanu.