Sabata yotseka mabuku ku Ulongwe: ndalama yobweza ku banki ili pawiri

Januwale ku Angonia, ku Mozambiki, ndi mwezi wa mvula, feteleza ndi kutseka mabuku a chaka chatha. Lolemba pa desiki panabwera mafayilo a sitolo ina ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe. Eni ake anakongola 1,200,000 MT ku banki pa 15 Seputembala kuti agule lole yaing'ono. Chiwongoladzanja chake ndi 24 peresenti pachaka, kutanthauza 2 peresenti pamwezi, ndipo ngongoleyo ibwezedwa m'miyezi 24. Pa 15 mwezi uliwonse banki imadula 63,445 MT ndi masentavo 32.

Pofika 31 Disembala banki inali itadula katatu, zonse pamodzi 190,336 MT. Kalaliki wa m'sitolomo analemba ndalama yonseyo mu konta 69, ya zowonongedwa pa nkhani zachuma, ngati mmene amalembera magetsi kapena lendi. Mu konta 43, ya ngongole zomwe kampani yatenga, munali mukadali 1,200,000 MT yathunthu. Chizindikiro chake ndi chimenecho: miyezi itatu munthu akulipira, koma ngongole m'buku siinasunthe ngakhale ndi metikali imodzi.

Lachiwiri linathera pa pepala lomwe banki imapereka posainirana, lija lolembedwa pamwamba kuti `Plano de amortização`. Lili ndi mizere iwiri yofunika, `Juros` ndi `Capital`. Woyambawo ndi chiwongoladzanja, mtengo wogwiritsa ntchito ndalama za eni ake, ndipo ndi umene umachepetsa phindu. Wachiwiriwo ndi ndalama yeniyeni imene munabwereka ikubwerera kwawo. Tsiku lolandira 1,200,000 MT palibe anaiwerenga ngati phindu, ndiye poibwezanso siingakhale chowonongedwa. Imangochepetsa ngongole.

Kagawidwe kake ndi kamene kamasokoneza anthu, chifukwa 63,445 MT sisintha koma zam'kati mwake zimasintha mwezi ndi mwezi. Chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ngongole yotsala, osati pa yoyamba ija. Mu Okutobala ngongole inali 1,200,000, ndipo 2 peresenti yake ndi 24,000. Mukachotsa 24,000 pa 63,445 patsala 39,445, imene ndiyo inadula ngongole n'kuisiya pa 1,160,555. Mu Novembala 2 peresenti ija inawerengedwa pa 1,160,555, n'kupereka 23,211, choncho yodula ngongole inakwera kufika 40,234. Mu Disembala chiwongoladzanja chinali 22,406 ndipo yodula ngongole 41,039. Zimapita choncho mpaka mwezi wa 24, pamene chiwongoladzanja chidzangokhala 1,244 ndipo 62,201 yonse idzakhala yomalizira ngongole.

Pepala la banki sitingolikhulupirira. Timalibwereza mu Excel, ndipo makompyuta ambiri kuno ali m'Chipwitikizi:

```
=PGTO(2%;24;-1200000)
=IPGTO(2%;1;24;-1200000)
=PPGTO(2%;1;24;-1200000)
```

Mzere woyamba ukupereka ya mwezi uliwonse, wachiwiri chiwongoladzanja cha mwezi woyamba, wachitatu yodula ngongole. Mukasintha 1 kukhala 2 kapena 3, mwapeza mwezi wotsatira.

Pali njira ina yachidule imene akalaliki ena amaikonda. Amati pa miyezi 24 tidzalipira chiwongoladzanja cha 322,688, ndiye tigawe mofanana, 13,445 pamwezi, ndipo 50,000 izipita ku ngongole. Pamapeto a zaka ziwiri masamuwo amakumanadi, koma pakati ponsepo ndi abodza. Pa miyezi itatu yokha buku likanaonetsa ngongole ya 1,050,000 pamene banki ikuti 1,079,282. Kwa ine njira imeneyi ndi yoipa kuposa ya kalaliki wathu uja, popeza imaoneka ngati yolongosoka ndipo munthu saikayikira msanga.

Lachitatu tinakonza. Pa 190,336 ija, chiwongoladzanja chenicheni chinali 69,618 ndipo 120,718 inali yobweza ngongole. Kukonza kwake n'kwa mzere umodzi: debito konta 43, kiredito konta 69, 120,718 MT. Ngongole inatsika kufika 1,079,282, ndendende ndi kalata ya banki ya pa 31 Disembala. Kuyambira pano mwezi uliwonse uzilembedwa m'mizere itatu: debito 43 ya `Capital`, debito 69 ya `Juros`, kiredito 12, konta ya banki, ya ndalama yonse yodulidwa.

Bambo mwini sitolo atabwera masana anafunsa atakwinya nkhope. "Achimwene, ndalama yatuluka m'thumba mwanga. Inu mukuti siinawonongeke bwanji?" Yankho linali la fodya. Kampani ikakukongozani feteleza n'kudzadula pogulitsa, yodulidwayo ndi yawo yomwe ikubwerera, ndipo chimene chakudyerani ndi kapamwamba kokha. Anamva, koma sanakondwe, chifukwa phindu lawo linakwera ndi 120,718 ndipo msonkho wa phindu la makampani, IRPC, ndi 32 peresenti. Pa ndalama imeneyo pakubwera msonkho woposa pang'ono 38,600 MT. Bola kuipeza mu Januwale kusiyana ndi kuti adzaipeze a zamisonkho fomu ya msonkho ya mu Meyi itapita kale, chifukwa apo pamabwera ndi chindapusa.

Lachinayi inali ntchito imene ambiri amaiwala. Banki inadula komaliza pa 15 Disembala ndipo inadulanso pa 15 Januwale, koma chaka chinatha pa 31. Masiku 16 amenewo sitolo inagwiritsa ntchito ndalama ya banki, choncho chiwongoladzanja chake n'cha chaka chatha ngakhale chinali chisanalipiridwe. Mgwirizano wa ngongoleyi umawerenga chaka ngati masiku 360, ndiye 1,079,282 kuchulukitsa ndi 24 peresenti, kugawa ndi 360, kuchulukitsa ndi 16, zikupereka 11,512 MT. Imeneyo inalowa debito 69, kiredito 49, konta yosungira zolipira mtsogolo. Pa 15 Januwale chiwongoladzanja chinali 21,586, koma cha chaka chino ndi 10,074 yokha. Yotsalayo imangofafaniza 11,512 ya mu konta 49. Mukaiwala kufafaniza, mwawerenga chiwongoladzanja chimodzimodzi kawiri, ndipo konta 49 imakhala ndi kandalama kogona chaka chonse popanda wodziwa mwini wake. Nkhani ya masiku 360 kapena 365 muziyang'ana mu mgwirizano, osangoganizira.

Tsiku lomwelo tinagawanso ngongole yotsalayo pawiri, chifukwa pepala loonetsa chuma ndi ngongole za kampani limafuna choncho. Yobwezedwa m'miyezi 12 ikubwerayi ndi 561,426, ndipo 517,856 ndi ya mtsogolo. Amene amayang'ana ngati sitolo ingathe kulipira chaka chino amathamangira nambala yoyambayo.

Lachisanu tinayerekeza sitetimenti ya banki ndi pepala lija mzere ndi mzere. Pafupi ndi ndalama ya mwezi uliwonse pamakhala timizere tina tating'ono: msonkho wa sitampa, komishoni, nthawi zina inshuwalansi. Timeneti sitidula ngongole, ndipo tikaponyedwa mu konta 43 buku limasemphana ndi banki ndi mazana ochepa omwe amavuta kuwasaka. Tili ndi makonta akeake.

Chomaliza chinali ndime ya chiwongoladzanja mu mgwirizano. Ngongole iyi ndi ya peresenti yokhazikika, choncho pepala la mu Seputembala ligwira ntchito mpaka kumapeto. Ngongole zambiri za m'mabanki a ku Mozambiki zimatsatira `Prime Rate` imene imalengezedwa mwezi ndi mwezi, kuphatikiza peresenti yoonjezera ya bankiyo. Imeneyo ikasuntha, pepala lakale latha ntchito, ndipo muyenera kuitanitsa latsopano kapena kuwerenganso kuyambira pa ngongole yotsala ndi miyezi yotsala. Fayilo yotsatira, ya chigayo china ku Tsangano, ndi ya mtundu umenewo, ndipo muli pepala limodzi lokha la tsiku losainirana. Kalata yopempha latsopano yapita ku banki madzulo ano.