Mzati wa magetsi umene unandiululira chinyengo cha chithunzi changa

Sabata yatha ndinakwera padenga la nyumba ina yosanjikizana mu Blantyre, n'kujambula msewu uli pansi: maminibasi atandanda, amayi ogulitsa nthochi, madenga a malata a dzimbiri. Cholinga changa chinali choti mzindawo uoneke ngati wa zidole, maminibasi akhale ngati magalimoto a mawaya aja tinkakankha tili ana. Mu Photoshop njirayi ili ndi dzina lakuti `Tilt-Shift`, koma ine ndikuphunzirira mu GIMP, pulogalamu yaulere.

Chimene chinandichedwa kulowa m'mutu ndi chifukwa chake diso limapusitsika. Mukayandikitsa kamera pa kanthu kakang'ono, monga kachidole kali patebulo, kamera imagwira bwino kadera kochepa kwambiri, ndipo za kutsogolo ndi za kumbuyo zimaoneka mwachimbuuzi. Koma mukajambula tauni muli patali, zonse zimaoneka bwino kuyambira pafupi mpaka kuphiri. Ndiye mukaika chimbuuzi pa chithunzi cha tauni, ubongo umangoti zimenezi zili pafupi, choncho n'zazing'ono. N'chifukwa chake pamafunika kujambula muli pamwamba, kamera itaweramira pansi, monga mmene munthu amayang'anira zidole ataimirira. Mtambo ndinaudula wonse, poti zidole za patebulo sizikhala ndi thambo kumbuyo kwake.

Chithunzi changa chinali cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Ndinachipanga ziwiri ndi `Layer > Duplicate Layer`, chapamwambacho n'kuchipaka chimbuuzi ndi `Filters > Blur > Gaussian Blur` pa 15. Ndinayamba ndayesa 40, koma nyumba zinasungunuka n'kukhala phala, osazindikirikanso. Kenako ndinaika `Add Layer Mask`, chophimba chimene chimasankha pamene chithunzi chapamwamba chionekere, n'kukokapo `Gradient` ya `Bi-linear`, mtundu wosintha pang'onopang'ono kuchoka pa chakuda kupita pa choyera mbali zonse ziwiri, kuchoka pa maminibasi kupita m'mwamba, chakuda chili pakati. Pamene pali chakuda, chimbuuzi chimabisika ndipo chithunzi chapansi chija chimaonekera. Mwakuti panatsala lamba wooneka bwino wodutsa pamsewu, kumwamba ndi kumunsi kuli mbuu.

Ndinasangalala, koma nditachiyang'anitsitsa mtima sunakhazikike. Pambali pa minibasi ina panali mzati wa magetsi. Tsinde lake linkaoneka bwino, pomwe mutu wake, pamene pamadutsa mawaya, unali utazimirira. Kamera wamba yojambula zidole zenizeni singachite zimenezo. Chimbuuzi chimatsata mtunda wochokera pa kamera, ndipo mzati wonse, tsinde ndi mutu womwe, waima pamalo amodzi. Lamba wanga ankangotsata kutalika kwa chinthu pa chithunzi. Pa msewu wosalala ziwirizi zimagwirizana, chifukwa chimene chili m'mwamba pa chithunzi chimakhaladi kutali. Chinthu choimirira chikangodutsa lambayo, bodza limaonekera poyera.

Ndinatenga burashi yakuda n'kupenta mzati wonse pa `Layer Mask` paja kuti ubwerere. Apa panatuluka vuto lina limene sindinaliyembekezere: m'mbali mwa mzatiwo munali kamthunzi kotuwa ngati utsi. Ndinazindikira kuti popaka chimbuuzi, mtundu wa mzatiwo unamwazikira pa madenga a kumbuyo kwake, ndipo kamthunziko kanali zotsalira zake. Ndinayambiranso. Pa chithunzi chapamwamba ndinayamba ndafufuta mzatiwo ndi `Clone`, kuuphimba ndi malata oyandikana nawo, kenako chimbuuzi, kenako burashi yakuda. Ntchito imeneyi inandidyera pafupifupi ola lathunthu, pomwe lamba uja anangotenga mphindi zochepa. Kwa ine ola limenelo ndi limene linapanga chithunzicho.

Za mitundu zinali zachidule. Zidole zimapakidwa penti wowala, komanso pakati pa diso ndi chidole sipakhala fumbi kapena utsi. Tauni yojambulidwa patali, makamaka nyengo yotentha ino anthu akutentha tchire, imatuwa, ndipo kutuwako kumauza diso kuti pali mtunda. Nditaphatikiza zithunzi ziwiri zija, ndinakweza `Saturation`, kukolera kwa mitundu, mu `Colors > Hue-Saturation` kufika pa 25, n'kupinda pang'ono `Curves` kuti zakuda zide ndipo zowala ziwale. Pa 50 madenga a dzimbiri anafiira ngati moto, mizere ya malata n'kusowa. Chizindikiro chakuti mwapyola ndi chimenecho: zofiira ndi zimene zimayamba kutaya timizere take. Ndinabwerera pa 25, n'kutsitsa `R` yekha, woimira zofiira, pang'ono. Mayi wina wa chitenje chobiriwira, ataima ndi beseni la nthochi pafupi ndi mzatiwo, anayamba kuoneka ngati kachidole koti mukhoza kukatola ndi zala ziwiri.